Masabata 8 mayeso omaliza a zamalamulo asanayambe: nthawi muigawe bwanji?

Funso: "Ndili m'chaka chomaliza cha maphunziro a zamalamulo ndipo kwatsala masabata 8 kuti mayeso ayambe. Ndidzalemba maphunziro asanu: malamulo oyendetsera dziko, milandu ya upandu, umboni, malamulo a malo ndi malamulo a ntchito. Pepala lililonse ndi la maola atatu ndipo timayankha mafunso anayi. Ndili ndi mapepala akale a zaka zisanu pa phunziro lililonse, koma sindinawakhudze chifukwa ndikufuna nditsirize kaye manotsi. Masiku ano ndikumagona maola anayi okha. Nditani kuti ndiwerenge, ndiyeserere kulemba, komanso ndizipumako?"

Yankho: Mapepala akalewo muwatsegule sabata ino, musadikire manotsi. Manotsi a zamalamulo satha, chifukwa mlandu uliwonse umene mwawerenga umakutumizani ku milandu ina iwiri, ndipo mudzazindikira kuti sabata yachisanu ndi chiwiri yakwana musanalembepo yankho ngakhale limodzi. Chimene wochonga amapereka nacho malikisi si kuchuluka kwa zimene munawerenga. Iye amakupatsani nkhani ya anthu amene alakwirana, n'kufuna kuona ngati mungapeze mfundo zimene zili pa mkangano, kutchula lamulo loyenera, kuliika pa zimene zachitikazo, n'kunena mmene khoti lingagamulire, zonsezi ndi cholembera m'manja komanso wotchi ikuyenda. Luso limeneli limabwera polemba basi. Choncho ndondomeko yanu imangidwe pa masiku olemba, ndipo kuwerenga kuzilowa m'mipata kuti kukonze zimene kulembako kwaonetsa kuti zikuperewera.

Tiyambe ndi masamu a m'chipinda cha mayeso, popeza ndi amene alamulire zina zonse. Maola atatu ndi mphindi 180. Chotsanipo mphindi 10 zowerenga pepala lonse ndi kusankha mafunso, ndi zina 10 zobwereza pomaliza, mutsala ndi 160, ndiye kuti mphindi 40 pa funso. Ngati mafunso onse ali ndi malikisi 25, munthu amene wayankha atatu mwaluso n'kupeza 17 pa lililonse, koma nthawi n'kumuthera lachinayi asanaliyambe, ali ndi 51. Mnzake amene wayankha onse anayi mwapakatikati, 14 pa lililonse, ali ndi 56. Malikisi oyambirira a funso savuta kupeza, chifukwa amabwera mukangotchula mfundo yolondola ndi gawo la lamulo, pomwe kukwera kuchoka pa 16 kufika pa 19 kumadya mphindi zambiri. Pofika tsiku la mayeso, dzanja lanu liyenera kukhala litazolowera kusiya funso pa mphindi 40 ngakhale mutu ukadali ndi zonena.

Tsopano mapepala anu. Muli nawo 25. Tengani a zaka ziwiri zaposachedwa, omwe ndi 10, muwerenge malangizo a pamwamba okha kuti mutsimikize kuchuluka kwa mafunso ndiponso ngati pali funso lokakamiza, kenako muwaike mu emvulopu n'kupatsa mnzanu kuti akusungireni. Amenewa ndi a mayeso oyeserera, a moko, ndipo pepala limene munalionapo kale silingakuyeseninso, popeza mutu umakhala utayamba kulikonzera yankho inu osadziwa. Otsala 15 ndi ogwirira ntchito tsiku ndi tsiku. Ngati pepala lililonse lili ndi mafunso 6, muli ndi mafunso 18 pa phunziro, omwe ndi okwanira ndithu. Pokhapokha ngati mphunzitsi wa phunzirolo anasintha chaka chatha, pamenepo tsegulani pepala laposachedwalo kuti muone mafunsidwe ake, n'kusunga lakale m'malo mwake.

Sabata yoyamba ndi yofufuza pomwe muli. Tsiku lililonse tengani phunziro limodzi. M'mawa yalani mapepala atatu akale a phunzirolo, mulembe pa tsamba limodzi mitu imene funso lililonse likukhudza, ndipo muike kachizindikiro nthawi iliyonse mutu ukabweranso. Muona kuti pa malamulo oyendetsera dziko, mwachitsanzo, nkhani ya kuchepetsa ufulu pansi pa gawo 44 imalowa m'mafunso ambiri ngakhale funsolo likuoneka ngati la zionetsero kapena la atolankhani, ndiponso kuti pa malamulo a ntchito gawo 57 la lamulo la 2000, lonena za chifukwa chomveka chochotsera munthu ntchito ndi mwayi woti adziteteze, silisowa kawirikawiri. Tsambali si lolosera mafunso. Ntchito yake ndi kukuuzani mitu yoyenera maola ambiri. Mukatero sankhani funso limodzi, mutseke mabuku, mulembe kwa mphindi 40. Yankho lidzakhala losalongosoka, ndipo zimenezi zisakudetseni nkhawa, chifukwa cholinga n'choti mudziwe ngati vuto lanu pa phunziroli ndi kusadziwa lamulo kapena kulephera kuligwiritsa ntchito. Mavuto awiriwa mankhwala ake ndi osiyana.

M'sabata yomweyi pali ntchito ina imene ambiri amaidumpha, ndipo imagwetsa ngakhale anthu akhama. Mapepala akale, makamaka mayankho ndi manotsi amene munalandira kwa amene anakutsogolerani, analembedwa pa lamulo la nthawi yawo. Lamulo limasuntha. Manotsi olembedwa 2020 isanafike adzakuuzani kuti mawu akuti mavoti ochuluka mu gawo 80(2) la malamulo oyendetsera dziko akutanthauza amene waposa anzake basi, motsatira chigamulo cha mlandu wa Chakuamba cha 2000. Koma pa 3 Febuluwale 2020 Bwalo Lalikulu, litakhala ngati bwalo lomasulira malamulo oyendetsera dziko pa mlandu wa chisankho cha pulezidenti, linagamula kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka, ndipo Bwalo la Apilo linavomereza zimenezi mu Meyi chaka chomwecho. Momwemonso gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu ndi zilango, lomangira munthu wongopezeka pamalo mokayikitsa, linagamulidwa pa mlandu wa Gwanda mu 2017 kuti likusemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Pa za malo ndiye chenjerani kwambiri, popeza malamulo a 2016 analowa m'malo mwa lamulo la 1965, kenako anakonzedwanso mu 2022. Choncho pa mutu uliwonse waukulu tsegulani lamulo lenilenilo, ku laibulale kapena pa tsamba la intaneti la MalawiLII, muone ngati gawo limene manotsi akutchula likadali momwemo, ndipo pamene mukukayika funsani aphunzitsi akadali kupezeka mu ofesi. Funsaninso ngati m'chipinda cha mayeso mumaloledwa kulowa ndi mabuku a malamulo osalembedwamo kanthu. Ngati amalola, musataye nthawi kuloweza mawu a zigawo, koma zolowerani kuzipeza msanga. Ngati salola, lowezani zinthu zimene gawo lililonse likufuna kuti zitsimikizidwe, osati chiganizo chonse.

Masabata atatu otsatira, yachiwiri mpaka yachinayi, ndiwo thunthu la ntchito, ndipo tsiku lililonse limayenda mofanana. Kuyambira 7:30 mpaka 10:30 m'mawa werengani phunziro la tsikulo, mutu umodzi kapena iwiri, mukupumako pang'ono pakati. Kuwerengako kuthere pa tsamba limodzi lolemba pamanja: mfundo ya lamulo, gawo lake, ndi milandu iwiri kapena itatu, uliwonse m'chiganizo chimodzi chonena zimene khoti linagamula. Nthawi ya 11:00 lembani funso lakale la mutu womwewo. Masana, kuyambira 2:00 mpaka 4:00, bwererani ku phunziro limene munawerenga dzana. La Lolemba m'mawa libwere Lachitatu masana, la Lachiwiri libwere Lachinayi, la Lachitatu libwere Lachisanu, ndipo awiri otsalawo agwere pa Lolemba ndi Lachiwiri a sabata yotsatira. Pobwerera musayambe ndi kutsegula manotsi. Tengani pepala loyera, mulembe zonse zimene mukukumbukira pa mutuwo, kenako muyerekeze ndi tsamba lanu lija. Kukumbukira movutikira chotere ndi kumene kumakhazikitsa zinthu m'mutu, pomwe kuwerenga mobwereza kumangokupatsani mtima woti mukuzidziwa chifukwa maso azizolowera. Madzulo ola limodzi ndi lochonga zimene munalemba, ndipo ikamakwana 8:30 mabuku atsekedwe. Onse pamodzi ndi maola pafupifupi 7. Ngati makalasi akadalipo, dulani nthawi yowerenga, koma funso la tsikulo lisadulidwe.

Chimene chimasintha m'masabata atatuwa ndi malamulo a kalembedwe. Sabata yachiwiri lembani funsolo manotsi ali potsegula komanso popanda wotchi, kuti muphunzire maonekedwe a yankho labwino. Sabata yachitatu dzipatseni mphindi 50 ndi tsamba lanu limodzi lokha. Sabata yachinayi ndi mphindi 40, zonse zotseka. Lembani pamanja nthawi zonse, osati pa kompyuta, chifukwa dzanja limene silinazolowere limayamba kupweteka pa funso lachitatu ndipo zolemba zimasiya kuwerengeka. Mukamakambirana ndi anzanu m'Chichewa kuti mfundo imveke palibe cholakwika, koma yankho lenilenilo muzilemba m'Chingerezi monga mudzachitire pa mayeso, kuti mawu a m'khoti azibwera okha osachita kuwasaka.

Tione funso limodzi la milandu ya upandu mmene mphindi 40 zingayendere. Nkhani ndi iyi: anthu awiri apachilamu akumwa kachasu ndipo akangana za malire a munda. Mmodzi atukwana mnzake n'kumumenya khofi anthu akuona. Womenyedwayo apita kwawo, atenga mpini wa khasu, abwerera patatha ola, n'kumenya mlamu wakeyo m'mutu. Wovulalayo amutengera kuchipatala komwe wamwalira patatha masiku atatu. Funso likuti mulangize oimira boma pa milandu.

Mphindi zisanu zoyamba musalembe yankho. Werengani nkhaniyo kawiri, mukudula mzere pansi pa chilichonse chimene wofunsa waikamo mwadala, chifukwa m'mafunso otere mulibe mawu ongodzazira. Kachasu waikidwamo kuti mukambe za kuledzera. Khofi ndi kutukwana ndi za kuputidwa. Ola limene linadutsa ndi ulendo wokatenga mpini ndi zoti muone ngati mtima unali utazizira. Masiku atatu a kuchipatala ndi oti mufunse ngati kumenyako ndiko kunabweretsa imfa. Lembani mfundo zimenezi m'mbali mwa pepala motsatana, ndi mphindi zake.

Mphindi zinayi zotsatira tchulani gawo 209 la malamulo a milandu ndi zilango, lonena za kupha mwadala, ndi zimene boma liyenera kutsimikiza popanda chikayiko chomveka, kenako mutseke msanga nkhani ya chimene chinabweretsa imfa. Funsoli silinanene kuti kuchipatala kunalakwika kanthu, ndiye ziganizo zitatu zokhudza gawo 215 zikwanira. Apa ndi pomwe ambiri amataya mphindi 10 kulemba zonse zimene akudziwa za chisamaliro cholakwika cha kuchipatala, pa mfundo imene palibe akuitsutsa. Mphindi 8 zipite ku cholinga choipa cha gawo 212. Sikofunika kuti woimbidwa mlandu anafuna kupha. Kufuna kuvulaza kwambiri, kapena kudziwa kuti zimene akuchita zikhoza kupha kapena kuvulaza kwambiri, n'kokwanira, ndipo umboni wake ndi chida chimene anasankha ndi malo amene anamenya, omwe ndi mutu.

Mtima wa funsoli ndi kuputidwa, ndipo kuyenera mphindi 12. Gawo 213 limatsitsa mlandu kuchoka pa kupha mwadala kufika pa kupha kosakonzekera kwa gawo 208 ngati munthu wapha ali wopsa mtima chifukwa choputidwa mwadzidzidzi, mkwiyo usanapeze nthawi yozizira, ndipo gawo 214 limafotokoza kuputa kumene lamulo limakuvomereza. Yankho lofooka limalemba zigawo ziwirizi bwinobwino n'kumaliza ndi kunena kuti choncho kuputidwa sikungamuthandize. Yankho lamphamvu limatenga chinthu chimodzichimodzi n'kuchigunditsa ndi nkhaniyo. Kodi khofi la pagulu lingachititse munthu wamba wa m'dera lakelo kulephera kudzigwira? Mwina inde. Kodi anachita mkwiyo usanazizire? Apa boma linena kuti anayenda mpaka kunyumba, anasankha chida, anayendanso kubwerera, ndipo ola lathunthu linadutsa, zomwe zikuonetsa kubwezera kokonzekera. Womuimira anena kuti manyazi a pagulu anali akumuwirabe mumtima njira yonse. Nanga mpini m'mutu ukugwirizana ndi kukula kwa khofi? Mukaonetsa mbali zonse ziwiri nenani mbali imene ikulemera ndi chifukwa chake. Malikisi ambiri ali m'mawu akuti "chifukwa" ndi "komabe", osati m'kutchula zigawo.

Zatsala mphindi 11. Zisanu ndi imodzi zipite ku kuledzera pansi pa gawo 13: kumwa mwa kufuna kwako sikuchotsa mlandu pakokha, koma khoti limakuganizira poona ngati munthu anali ndi cholinga chimene mlanduwo ukufuna, ndipo munthu amene anatha kuyenda ulendo wopita ndi wobwerera n'kupeza amene akumufuna adzavutika kunena kuti sankadziwa chimene akuchita. Ziwiri ndi zokanira kudziteteza kwa gawo 17, popeza pamene ankabwerera panalibe amene ankamuopseza. Zitatu zomaliza perekani malangizo omveka, kuti aimbidwe mlandu wa kupha mwadala koma boma likonzekere mtsutso wa kuputidwa, ndipo muonjezere chiganizo chimodzi choti kuyambira pa mlandu wa Kafantayeni wa 2007 chilango cha imfa sichilinso chokakamiza kwa wopezeka wolakwa pa mlandu wotere.

Kulemba kopanda kuchonga ndi theka la ntchito, ndipo kuchonga kuli ndi njira yake. Musachonge mutangomaliza, dikirani madzulo kuti muwerenge ngati za munthu wina. Tengani cholembera cha mtundu wina, ndipo cholakwa chilichonse muchiike m'gulu limodzi mwa anayi. Pali mfundo imene simunaione n'komwe, monga kuiwala kuledzera m'funso lija. Pali lamulo limene mwalitchula molakwika kapena popanda gawo ndi mlandu woliikira kumbuyo. Pali pomwe lamulo mwalinena bwino koma simunaligwirizanitse ndi nkhani, ndipo chizindikiro chake n'chosavuta: ndime yonse yatha osatchulamo munthu kapena chinthu cha m'funsolo. Pomaliza pali nthawi kutha. Zonsezi muzilemba m'kabuku kamodzi, tsiku, phunziro, mutu ndi gulu la cholakwa.

Kabukuka ndi kamene kazikuuzani zochita sabata yotsatira. Ngati zolakwa zambiri ndi za mfundo zosaoneka, kuwerenga kwina sikuthandiza. Tengani mafunso asanu, lililonse mulipatse mphindi zisanu zongolemba mfundo zake popanda yankho lonse, kenako muyerekeze ndi za anzanu. Ngati ndi za lamulo lolakwika, pamenepo ndiye bwererani ku mabuku, koma pa mutu wokhawo. Ngati ndi za kusagwirizanitsa, lembaninso ndime imodzi yokha, ndipo chiganizo chilichonse cha lamulo chitsatidwe ndi china choyamba ndi mawu akuti "pa nkhani iyi". Ngati ndi nthawi, onani pomwe munachedwa, ndipo kawirikawiri mupeza kuti ndi mawu oyamba aataliatali obwereza nkhani imene wochonga analemba yekha. Loweruka m'mawa kumanani ndi anzanu awiri kapena atatu, musinthane mayankho a funso limodzi limene nonse munalemba. Gulu likaposa pamenepo limasanduka macheza, ndipo gulu limene limakumana wina asanalembe kanthu limangopatsana mantha.

Sabata yachisanu tsegulani emvulopu. Lembani mapepala asanu a chaka chimodzi, limodzi pa tsiku kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu, pa ola limene mayeso enieni amayamba. Khalani pa desiki m'kalasi yopanda anthu kapena pakona ya laibulale, foni ili kwa mnzanu, wotchi ili patsogolo, osadzuka maola atatu. Mukafika pa funso limene simukulidziwa musaimitse moko kuti mukaone buku, chifukwa chimene mukuyeserera n'chomwecho, kupeza malikisi 10 pa funso limene lakudzidzimutsani. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: zimene mwaika papepala ndizo zanu, zotsala m'mutu wochonga sazidziwa. Masana a masiku amenewa pumani kwenikweni, ndipo madzulo muchonge pepala la dzulo lake. Loweruka m'mawa malizani la Lachisanu, kenako musagwirenso buku mpaka Lolemba.

Ndikuika moko woyamba pa sabata yachisanu osati yachisanu ndi chiwiri chifukwa pamafunika nthawi yokonza zimene wapeza. Adzakuonetsani zinthu zimene funso limodzilimodzi silingaonetse: kuti mumasankha mafunso mothamanga n'kuzindikira pakati kuti lina linali losavuta, kuti yankho lachinayi limakhala theka la loyamba, kapena kuti phunziro limene mumaliona ngati lanu, mwina umboni, ndi limene mukusakaniza zigawo. Yerekezani kutalika kwa mayankho anayiwo. Ngati loyamba lili masamba anayi ndipo lomaliza tsamba limodzi ndi theka, vuto ndi wotchi, osati nzeru. Mukapeza mphunzitsi wovomera kuona ntchito yanu, musamupatse mapepala onse. Mupatseni yankho limodzi limene inu mukuliona ngati labwino, chifukwa zolakwa za yankho loipa mukuzidziwa kale.

Sabata yachisanu ndi chimodzi ndi yokonza, ndipo maphunziro asagawane nthawi mofanana. Awiri amene anatsika kwambiri atenge m'mawa monse, atatu enawo agawane masana. Pa mitu imene simunaiwerengebe, ino ndiyo nthawi yomaliza yoiyamba, ndipo sankhani mwanzeru: mutu umene umalowa m'mafunso a mitu ina, monga udindo wotsimikiza mlandu pa umboni, sungasiyidwe, koma mutu woima pawokha umene pa zaka zitatu wabwera kamodzi mukhoza kuudziwa pamwamba chabe, bola pepalalo likhale lopatsa mwayi wosankha. Musatsike pansi pa mitu yokwanira kuyankha mafunso asanu kapena 6, chifukwa wokonzekera mitu inayi yeniyeni amagwa ofunsa akaphatikiza iwiri m'funso limodzi.

Sabata yachisanu ndi chiwiri ndi ya moko wachiwiri, koma wopepukirapo. Lembani mapepala atatu athunthu, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu: awiri a maphunziro ofooka aja ndi limodzi la phunziro limene mudzayambe nalo mayeso. Awiri otsalawo, Lachiwiri ndi Lachinayi, apatseni ola limodzi ndi theka lililonse, mukulemba dongosolo la mayankho anayi ndi yankho limodzi lathunthu. Pochonga musayang'ane malikisi okha, omwe podzichonga nokha sakhala odalirika kwenikweni. Onani ngati zolakwa za m'kabuku zija zachepa ndiponso ngati mafunso onse anayi atha.

Za kugona ndinene mosabisa: maola anayi akukuwonongerani ntchito imene mukuivutikira. Zimene munthu waphunzira masana zimakhazikika akagona, ndipo chinthu choyamba kufooka mwa munthu wosagona ndi chidwi chowerenga mosamala, chomwe ndi chimene chimakuthandizani kuona kuti m'funso muli ola limene linadutsa. Gonani maola 7 kapena 8, nthawi yofanana tsiku lililonse, kuyambira lero osati sabata yomaliza. Tiyi wambiri, khofi wakumwa ndi zakumwa zopatsa mphamvu zisapitirire masana. Ndaika ntchito yolemera m'mawa ndi masana mwadala, kuti magetsi akazima madzulo musataye kanthu kupatula ola lochonga, lomwe mukhoza kulibweza m'mawa. Pa chifukwa chomwechi sindikizani kapena koperani pamanja zigawo zofunika kuti musadalire foni ndi bando.

Tsiku limodzi pa sabata likhale lopanda buku ngakhale pang'ono, Lamulungu kapena tsiku limene inu mumapembedza. Loweruka masana musaikepo kanthu pa ndondomeko. Mpata umenewu ndi wobwezera zimene zasokonekera, chifukwa m'masabata 8 simulephera kugwa maliro, malungo kapena ulendo wakumudzi wosakanika. Ngati sabata yayenda bwino, mpatawo ndi wanu, kaonereni mpira kapena kachezeni. Mukataya masiku oposa awiri musayese kuwabweza usiku. Dumphani kuwerenga kwa masikuwo, musunge mafunso ake, ndipo masiku a moko asasunthe. Mungadziwe kuti mwapyola muyezo mukamawerenga ndime imodzi katatu osagwira kanthu, mukamalakwitsa zigawo zimene sabata yatha munkazidziwa, kapena mukagona tulo osabwera. Pamenepo siyani theka la tsiku. Ngati kusowa tulo, kugunda kwa mtima kapena mantha zapitirira masiku angapo, pitani kuchipatala kapena kwa alangizi a pasukulu, musangolimbikira nokha.

Sabata yomaliza maola atsike kufika pa anayi kapena asanu pa tsiku, ndipo musalembenso pepala lathunthu. M'mawa bwerezani masamba anu amodziamodzi aja mwa njira yomwe ija yotseka n'kukumbukira, kenako funso limodzi la mphindi 40 kuti dzanja lisazizire. Masana werengani kabuku ka zolakwa, chifukwa ndi kokhako kamene kakunena za inuyo. Tsatirani ndondomeko yeniyeni ya mayeso: phunziro lomaliza kulembedwa liwerengedwe kumayambiriro kwa sabata, loyamba kulembedwa litenge masiku awiri omaliza. Ngati pali mapepala awiri ogundizana masiku, lachiwirilo likonzekeretu sabata ino, chifukwa madzulo a pakati pawo mudzakhala wotopa moti mudzangotha kuona masamba achidule basi. Manotsi atsopano amene mnzanu angabwere nawo sabata imeneyi musawalandire. Dzulo lake la pepala loyamba siyani kuwerenga ikamakwana 4:00 masana, mutsimikize chipinda ndi nthawi, muike pamodzi chitupa, zolembera zitatu zimene mwakhala mukulembera ndi wotchi ya pamkono, ndipo pa kapepala mulembe nthawi zinayi zosiyira funso lililonse kuti mukaziloweze. Ngati mayeso ayamba 8:30, nthawizo ndi 9:20, 10:00, 10:40 ndi 11:20.